Mmene mungatengere zolembedwa za matenda anu kuchipatala kuti akuthandizeni kwina

Ndimagwira ntchito yoona odwala pa chipatala china chaching'ono m'boma lino la Kasungu. Chaka chilichonse malonda a fodya akatha, anthu amasamuka. Matenanti amachoka kuesiteti ina kupita kuina, ena amabwerera kwawo, ndipo makolo odwala amatengedwa ndi ana awo kuti akawasamale pafupi. Amafika patebulo panga ndi mawu omwewo: "Ndinagonekedwa chaka chatha, anandipatsa timapilitsi toyera ting'onoting'ono." Ndikatsegula kabati yathu ya mankhwala, timapilitsi toyera ting'onoting'ono tili mbwee. Ndikawauza kuti abwerere akatenge zolembedwa zawo, amandifunsa kuti akayambira pati, akanena chiyani, ndipo akaonana ndi ndani. Ndayankha funso limeneli mpaka pakamwa kuuma, choncho ndalilemba pano kamodzi.

Ndikukamba makamaka za munthu amene anagonekedwa muwodi, kapena amene amalandira mankhwala mwezi ndi mwezi kukiliniki ya shuga ndi BP. A ma ARV njira yanu ndi ina, ndipo ndaiyika payokha kumapeto.

1. Dziwani kumene mbiri yanu ili

Mbiri ya wodwala sikhala pamalo amodzi. Buku la kuchipatala, lija ena amati helefi pasipoti, ndi lanu ndipo mumayenda nalo. Fayilo ya muwodi ndi mapepala amene amalembedwa tsiku ndi tsiku muli pabedi: zimene dokotala anapeza pa raundi, tchati cha mankhwala, zotsatira za kulabu, ndiponso zimene zinachitika kufiyeta ngati munapangidwa opaleshoni. Imeneyi imatsala kuchipatala. Palinso marejisitala, mabuku akuluakulu aja a kuwodi, kulabu ndi kufiyeta, mmene munthu aliyense amakhala ndi mzere umodzi wokha. Kenako pali mastakhadi, khadi lolimba limene amasunga kukiliniki ya matenda a mgonagona, ndipo amalembapo ulendo uliwonse umene mwabwera.

Yambani ndi buku lanu. Tsegulani pa tsiku limene munatuluka. Ngati pali dzina la matenda, masiku ogonekedwa ndi otuluka, mankhwala ndi mlingo wake, mwina ulendo wonsewu ndi wosafunika. Muonetseni kaye amene akukuthandizani panopa. Mabuku akale odzaza musawataye kapena kuwapatsa ana aseweretse. Asokereni pamodzi ndi latsopano.

2. Funsani chipatala chatsopano chimene chikufuna, ndipo chilembedwe

Ambiri amalumpha sitepe imeneyi, n'kuwononga ndalama ya minibasi kawiri. Musanakwere, pemphani dokotala wa kumene mukufuna kupitiriza chithandizo kuti alembe m'buku lanu, kapena pakapepala kodinda, zinthu zimene akufuna. Ine ndimalemba mizere itatu kapena inayi, monga: matenda amene anapezeka, mankhwala otuluka nawo ndi mlingo wake, zotsatira za impso, ndiponso mankhwala aliwonse amene anasiyitsidwa ndi chifukwa chake. Kapepala aka kamathandiza pawiri. Inu simuiwala, ndipo amene mukampeze kumeneko amaona kuti ndi pempho la mnzake wa ntchito, osati munthu wodzafufuza zolakwa.

3. Musakanene kuti "ndabwera kudzatenga fayilo yanga"

Mukanena choncho yankho lidzakhala lakuti fayilo situluka, ndipo adzakhala akunena zoona. Mapepalawo ndi a chipatala. Zimene zalembedwamo ndi zokhudza inu, ndipo muli ndi ufulu wozidziwa. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limakamba za ufulu wopeza mauthenga amene boma likusunga, ndipo lamulo lapadera la nkhani imeneyi linayamba kugwira ntchito mu 2020. Komabe musayambe ndi malamulo pakhomo la wodi. Nenani kuti: "Ndinagonekedwa muno, tsopano ndasamuka. Achipatala cha kumene ndili akupempha chidule cha chithandizo chimene ndinalandira, ndi kope ya zotsatira za kulabu."

Palinso mawu ena oti muwapewe. Musanene kuti mukufuna "medikolo lipoti". Imeneyo ndi kalata ya kupolisi, kukhoti, kuinshulansi kapena kwa abwana, imadutsa kumaofesi, ndipo nthawi zambiri imakhala yolipira. Sifotokozanso mlingo wa mankhwala mmene ife timafunira. Inu mukufuna chidule cha chithandizo, kapena kalata yotumizira wodwala kwina, ija timati rifelo.

4. Konzani zimene zidzathandize kupeza fayilo

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu ambiri amagwera ulesi n'kubwerera chimanjamanja. M'zipatala zathu zambiri mafayilo a muwodi ndi apepala, ndipo amamangidwa m'mitolo potsata wodi ndi mwezi umene munthu anatuluka. Kalaliki sangapeze fayilo ndi dzina lokha. A Banda ndi a Phiri amene anagonekedwa chaka chimodzi m'wodi ya abambo angadzaze lole. Chimene chimatsegula njira ndi zinthu zitatu: wodi, tsiku, ndi dzina lenileni limene linalembedwa usiku umene munafika.

Wodi ndi yosavuta. Munagona ya abambo, ya amayi, ya ana kapena ya amayi oyembekezera? Koma ngati anakusunthani, mwachitsanzo munayambira kwa amayi oyembekezera n'kukathera kuwodi ya amayi, nenani zonse ziwiri, chifukwa fayilo imatsatira wodi imene munatulukira.

Tsiku ndi limene limavuta. "Nthawi ya dzinja" si tsiku. Khalani pansi ndi amene anali gadiyani wanu mufufuze. Onani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba: tsiku limene achibale anatumiza ndalama ya galimoto kawirikawiri ndi lomwelo kapena lotsatira. Onani zithunzi za mufoni ndi mauthenga a pa WhatsApp odziwitsa abale. Kapepala ka mankhwala, lisiti ya kufamase, kapena buku la kumpingo la amayi amene anabwera kudzazonda, zonsezi zimakhala ndi deti. Kumbukirani ngati linali tsiku la msika, la maliro a wina m'mudzi, kapena sabata imene munakweza mabelo. Mukafika ndi sabata yeniyeni, osati mwezi wokha, mwamupeputsira kalaliki ntchito ya tsiku lonse.

Dzina nalo lili ndi msampha wake. Wodwala akafika ali chikomokere, amene amapereka dzina ndi amene wamunyamula. Mkamwini amatchula dzina la mfunda, mdzukulu amatchula dzina lodziwika kumudzi, mayi wokwatiwa amalembedwa dzina la mwamuna pomwe chiphaso chake cha unzika chili ndi dzina la bambo ake. Zaka nazo amangoyerekeza. Lembani papepala mayina onse amene munthuyo amadziwika nawo, mudzi ndi mfumu yaikulu imene mukuganiza kuti inatchulidwa. Kwa matenanti apa m'pofunika kwambiri, chifukwa ena amatchula mudzi wa kwawo ku Mulanje kapena ku Dedza, ena amatchula dzina la esiteti.

Ndikupatseni chitsanzo. Bambo wina wa zaka 58, timutche bambo Phiri ngakhale si dzina lake, anabwera kwa ine atasamuka ndi mwana wake. Ananena kuti ali ndi shuga, anagonekedwa masiku asanu ndi anayi pa chipatala china chachikulu, ndipo anatuluka akudzibaya insulini. Buku linanyowa denga litadontha, masamba n'kumatirirana. Botolo la insulini anali nalo, koma mlingo ankanena mosinthasintha, lero 20, mawa 12. Ndinamuyeza, ndinamupatsa chomuthandiza kwa masiku ochepa, ndipo ndinatuma mwana wake ndi kapepala.

Ulendo woyamba mnyamatayo anabwerako wopanda kanthu. Anangonena kuti bambo ake anagonekedwa "cha m'ma Juni", ndipo m'rejisitala ya Juni munalibe dzina lawo. Titakhala pansi, anapeza mufoni uthenga wa ndalama imene mlongo wake anatumiza pa 27 Meyi yolipirira galimoto. Anakumbukiranso kuti amene anawaperekeza usikuwo anali mnzawo wa kuesiteti, yemwe ankawadziwa ndi dzina lina. Ulendo wachiwiri anapempha sisitala wa wodi kuti aone rejisitala kuyambira pa 27 Meyi, ndipo dzina lachiwirilo linapezeka pa 28. Mzere umenewo unali ndi tsiku lotuluka, 5 Juni, ndi nambala yogonekedwera. Ndi zimenezo kalaliki anadziwa mtolo woti amasule.

Ndiye dongosolo lake ndi limenelo: rejisitala kaye, fayilo pambuyo. Mukapeza mzere wanu, koperani nambala ndi masiku onse awiri m'buku lanu pomwepo.

5. Pitani nthawi yoyenera, kwa munthu woyenera

Pitani pakati pa sabata, Lachiwiri mpaka Lachinayi. Lolemba odwala amakhala ochuluka, Lachisanu masana anthu amakhala akutsekera ntchito, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ofesi yosunga mafayilo imakhala yotseka. Fikani m'mawa koma dziwani kuti mudikira raundi ithe. Dokotala amene ali pakati pa odwala sangasiye kuti akulembereni kalata, ndipo mukamuima pakhomo mumangodziwonongera.

Yambirani kuwodi imene munatulukira, mufunse namwino wamkulu wa wodiyo, amene amamutcha inchaji. Ngati munatuluka posachedwa, fayilo ikhoza kukhala ikadali m'kabati ya muwodi. Ngati papita miyezi, adzakulozerani kumene amasunga. Ena adzakuuzani kuti mulembe kalata. Ilembeni mwachidule, makope awiri, yopita kwa mkulu wa madokotala pa chipatalacho. Pa zipatala za maboma amamutcha DMO, ndipo pa cha mishoni, monga za pansi pa CHAM, mulembere woyang'anira chipatala. M'kalatamo mukhale dzina, tsiku lobadwa, wodi, masiku, zimene mukupempha, chipatala chimene chikuzifuna ndi nambala ya foni. Kope imodzi aidinde ndi kulembapo tsiku, mubwerere nayo. Funsani tsiku loti mudzabwerenso ndi dzina la ofesi yoti mudzafikire, kuopa kudzayambanso kufotokoza kwa munthu watsopano.

Ngati pali cholipira, lipirani kuofesi ya ndalama ndipo mulandire lisiti. Ndalama yopatsirana m'khonde ayi.

6. Ngati mukutengera munthu wina

Nkhani za wodwala ndi zachinsinsi, ndipo wogwira ntchito amene wakana kukupatsani popanda chilolezo akuchita bwino. Ukwati kapena ubale si chilolezo. Tengani kalata yosainidwa ndi mwini wake, kapena yodindidwa chala, yonena kuti watuma inuyo, dzina lanu lonse, kudzatenga zakutizakuti. Tengani chiphaso chanu ndi chake, komanso buku lake ngakhale litang'ambika. Mwana wamng'ono amamuimira kholo kapena womulera. Ngati wodwala sangathe kulankhula kapena kusaina, pemphani dokotala amene akumuona panopa alembe yekha pempholo ndi kulidinda.

7. Werengani musanatuluke pageti

Fayilo ikapezeka, wina ayenera kukhala pansi n'kulemba chidule. Sikuti achite kukhala yemwe anakuonani. Dokotala aliyense wa wodiyo angalembe kuchokera mufayilo. Akakupatsani, musangopinda n'kuika m'thumba. Pemphani akuwerengereni, ndipo muone ngati muli izi: dzina la matenda, osati "anadwala" chabe, mankhwala aliwonse ndi mlingo wake ndi kangati patsiku, mankhwala amene anasiyitsidwa kapena amene anakuwengani, zotsatira zikuluzikulu ndi masiku ake, tsiku lobwereranso, dzina la wolemba, siginecha ndi chidindo. Ngati munapangidwa opaleshoni, pakhale zimene anapeza ndi zimene anachita. "Anang'ambidwa pamimba" sizindithandiza ine. Ndikufuna kudziwa ngati anachotsa chiberekero chonse, kapena ngati anadula gawo la matumbo.

Mzere wa mankhwala osiyitsidwa ndi umene umaiwalika kwambiri, koma kwa bambo Phiri ndi umene unali wofunika kuposa yonse. Chidule chinaonetsa insulini mayunitsi 20 m'mawa ndi 10 madzulo, zimene zinathetsa mkangano wa mlingo. Koma pansi pake panalembedwa kuti mapilitsi a shuga otchedwa metifomini anasiyitsidwa chifukwa kiliyatinini, chimene timayezera mphamvu ya impso, chinali 2.6 mg/dL, pomwe mwa munthu wamkulu wa impso zabwino chimakhala cha m'ma 1. Metifomini amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo impso zikafooka kwambiri amaunjikana n'kukhala woopsa. Pa chipatala chathu sitiyeza impso. Munthu wa shuga wa msinkhu umenewo akabwera wopanda pepala, mankhwala oyamba kuwaganizira ndi metifomini yemweyo. Popanda mzere umenewo akanatha kupatsidwa zimene anzathu anamuletsa dala.

Pa zotsatira za kulabu, pemphani kope kapena chilolezo chojambula ndi foni. Musajambule mobisa, ndipo musajambule tsamba la rejisitala chifukwa lili ndi mayina a anthu ena. Pojambula, pepala lonse lioneke: dzina, tsiku, ndi timalemba ta muyeso tili pambali pa nambala. Timalembato si tokongoletsa. Makina ena amayeza shuga mu mmol/L, ena mu mg/dL, ndipo amasiyana ka 18. Shuga wa 22 pa makina oyamba ndi 396 pa achiwiri. Nambala yopanda muyeso wake ikhoza kusocheretsa wokuthandizani. Ngati akulolani kukapanga fotokope kunja kwa geti, kawirikawiri amakuperekezani ndi wantchito. Pangani makope awiri, imodzi ikhale kunyumba m'pulasitiki.

Funsaninso ngati pali zotsatira zimene zinafika inu mutatuluka. Kanyama kamene amadula pa opaleshoni kuti akapime ngati ndi khansa kamatumizidwa kutali, kwa ife kuno nthawi zambiri ku Lilongwe, ndipo yankho limatenga masabata. Likafika mwini atapita, limakhala kulabu kapena kufiyeta osalowa mufayilo. Ngati munamva kuti "tatumiza kokayeza", funsani mwachindunji ndipo mutenge nambala ya chimene anatumizacho. Chithunzi cha ekisireyi, ngati makina ake ndi a kompyuta, pemphani lipoti lake lolembedwa kapena mujambule pagalasi ndi chilolezo.

8. Fayilo ikasowa

Zimachitika, ndipo si mathero. Mbiri ingatoleredwe kuchokera m'marejisitala. Ya kuwodi ili ndi masiku ndi dzina la matenda, ya kufiyeta ili ndi mtundu wa opaleshoni ndi amene anapanga, ya kulabu ili ndi zotsatira, ndipo ya kuchipinda chochilira ili ndi mmene mayi anaberekera. Pemphani dokotala alembe zimene zapezeka mmenemo, ndipo anene poyera kuti fayilo sinapezeke. Tikaona choncho timadziwa zoti tiyezenso.

Ngati mwayenda kawiri katatu popanda yankho lomveka, pitani kwa matiloni kapena kwa DMO ndi kope yanu yodinda ija. Zipatala za maboma zilinso ndi ofesi ya ombuzimani wa pachipatala yolandira madandaulo. Fotokozani masiku amene munabwera ndi zimene munauzidwa, mosakweza mawu. Njira ina yachidule ndi yoti dokotala wanu watsopano aimbire mnzake kumeneko. Pamene wodwala walola, zimene zikanatenga maulendo atatu zimatheka pafoni imodzi.

9. A ma ARV, TB ndi kiliniki ya shuga ndi BP

Inu simukufunika kusaka mitolo. Pitani kukiliniki kwanu musanasamuke, munene kuti mukufuna thiransifa, ndipo mutchule chipatala chimene mukupita. Adzalemba kuti mwasamutsidwa, ndipo adzakupatsani khadi kapena kope yake, kapena kapepala komata kochokera mukompyuta kamene amaika m'buku. A ma ARV, onani kuti pali nambala yanu ya ARV, tsiku limene munayamba mankhwala, mtundu wake monga 13A, zotsatira zomaliza za kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, ndi tsiku limene mankhwala atha. Pemphani mankhwala okwanira kukafika nawo.

Cholakwa chachikulu chimene ndimaona ndi ichi: munthu wasamuka osatsanzika, mankhwala atha, ndipo poopa kukalipiridwa amakayezetsanso magazi ngati sanayambepo. Akatero kwawo kwakale amamuyesa wothawa mankhwala n'kuyamba kumusaka, ndipo kwatsopano amamuyamba ngati watsopano. Ngati anasinthidwa mankhwala chifukwa oyamba sankagwira ntchito kapena ankapweteka impso, akhoza kubwezeredwa pa omwewo. Nenani zoona. Kiliniki iliyonse ya ma ARV ingakupatseni mankhwala a mwezi umodzi mukaonetsa buku kapena umboni wakuti mumalandira kwina, pamene mukulondola thiransifa yanu. Tengani ngakhale botolo lopanda kanthu.

Wa TB asasamuke osaonana ndi ofesi ya TB, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ija imawerengedwa pakhadi ndipo mlingo umatsata sikelo ya thupi. Wa shuga ndi BP apemphe kope ya mastakhadi mbali zonse ziwiri, chifukwa mzere wa manambala a miyezi ingapo umatiuza ngati mankhwala akugwira, zimene kuyeza kwa tsiku limodzi sikungatiuze.

10. Mukafika kwatsopano

Perekani kope, pepala lenileni musunge. Bwerani ndi mankhwala onse amene muli nawo m'mapaketi ake, ndi ogula kufamase omwe, kuti tiyerekeze ndi zolembedwa. Musadikire kuti athe. Bwerani mukadali ndi a sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa mankhwala ena, monga insulini, sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, ndipo pangafunike kuitanitsa kapena kukulozerani kwina. Pomaliza pemphani amene wakulandirani akopere chidulecho m'buku lanu latsopano, pa tsamba loyamba lopanda kanthu, ndipo mulijambule ndi foni tsambalo mvula isanayambe.